Nkhani ya ana: mwini golosale wazindikira kuti kasitomala wapatsidwa chenji yochuluka

Mayi a Tadala: Moni nonse. Ndikulemba kankhani ka ana a Sitandade 3 ndi 4, koti aziwerenga okha komanso koti mphunzitsi angathe kuwerenga mokweza m'kalasi. Mwachidule kali chonchi. Mtsikana dzina lake Pempho watumidwa ndi amayi ake kugolosale ya a Nachisale, atanyamula K5,000. Wagula zinthu za K3,500. Pakauntala pali mnyamata wothandiza, Yohane, ndipo wabweza K3,000 m'malo mwa K1,500. Amene wazindikira ndi mwini golosale. Pamene ndaima ndi apa: a Nachisale adziwa bwanji, ndipo akadziwa achita chiyani? Pakadali pano ndangolemba kuti, "Anaona kuti ndalama zaperewera ndipo anapita kwa Pempho." Amene mumagulitsa ndi amene mumaphunzitsa, ndiunikireni.

Achimwene Gama: Nkhani yabwino iyi amayi. Chofunika n'choti Pempho aime panjira, awerenge chenji, mtima umugunde, kenako abwerere yekha kukabweza. Mwini golosale amupatse siwiti. Ana aphunzirepo kukhulupirika, basi.

Mayi a Tadala: Ayi achimwene, m'nkhani yangayi wozindikira ndi mwini golosale. Pempho sakudziwa kalikonse. Wangopinda chenji, wamanga pakansalu, wathamanga.

Wagolosale wa pa Jenda: Ndiyambe ndi chiganizo chijachi, chakuti "anaona kuti ndalama zaperewera". Munthu amene anakhalapo pakauntala sangachivomereze, chifukwa kuperewera kwa ndalama sikuoneka ndi maso masana malonda ali mkati. Kumadziwika madzulo potseka, ndipo njira yake ndi iyi. M'mawa mumasiya ndalama yoyambira yobwezera chenji, tinene K10,000 ya mapepala ang'onoang'ono. Chilichonse chogulitsidwa chimalembedwa m'kope, tinene tsikulo zakwana K46,000. Ziwirizi pamodzi ndi K56,000. Ndiye muchotse zimene zatuluka, monga K6,000 yolipira wobweretsa buledi. M'chitini muyenera kukhala K50,000. Mukawerenga n'kupeza K48,500, mwadziwa kuti K1,500 yasowa.

Koma apa ndi pamene nkhani zambiri zimathyokera. Kuwerengako kumangokuuzani kuti ndalama yasowa ndi kuchuluka kwake. Sikukuuzani kuti yapita ndi ndani. K1,500 imeneyo ingakhale ngongole imene wina watenga koma sinalembedwe ngati ngongole, ingakhale mtengo wolembedwa kawiri, ingakhale pepala logwera kuseri kwa matumba a shuga. Patsiku pabwera anthu ambirimbiri. A Nachisale akangonyamuka kupita kwa Pempho popanda chizindikiro cholozera kwa iyeyo, ndiye kuti akunamizira mwana. Mwana wochenjera m'kalasi adzafunsa kuti, "Adziwa bwanji kuti ndi Pempho?" ndipo mphunzitsi adzasowa choyankha.

Mayi a Tadala: Ndamva bambo. Nanga chizindikiro chotero chingakhale chiyani?

Wagolosale wa pa Jenda: Yambani ndi chifukwa chimene Yohane walakwitsira, chizindikirocho chituluka mmenemo. Tayang'anani ndalama zathu. Pa K500 pali nkhope ya John Chilembwe, ndipo pa K2,000 palinso Chilembwe yemweyo. Pa K1,000 pali Kamuzu Banda, pa K5,000 palinso Kamuzu. Mitundu ndi yosiyana, inde, koma pepala likakalamba, lada, lapindidwa kanayi, ndiye kunja kukuda, magetsi azima, mnyamata akuunika ndi tochi ya foni, maso amathamangira pankhope osati panambala. Kutenga K2,000 poganiza kuti ndi K500 n'kulakwitsa kochitikadi, ndipo kusiyana kwake ndi K1,500 ndendende.

Tsono chizindikiro. Mu golosale yaing'ono ma K500 amatha msanga chifukwa ndi amene amabwezedwa kwambiri. Lembani kuti a Nachisale, asanatuluke kukalandira katundu, atsegula chitini n'kumuuza Yohane kuti, "Ya K500 yatsala imodzi yokha, uisamale." Mulinso K2,000 imodzi yong'ambika pakona, yomata ndi selotepi, imene iwo akuidziwa bwino chifukwa anakayikira poilandira. Atabwerera, afunsa kuti wagulitsa chiyani. Yohane akuti wabwera ndi Pempho yekha, ndipo wamubwezera K1,000 ndi K500 ija. A Nachisale atsegula chitini. K500 ija ilimo. Ya selotepi mulibe. Palibenso chofuna kuwerenga ndalama za tsiku lonse. Kasitomala ndi mmodzi, pepala loyenera kuchoka latsala, losayenera kuchoka lachoka.

Aphunzitsi a ku Mponela: Zimenezo zagwira mtima, ndipo zikundipatsa mpata wokonza masamu a nkhaniyi. Amayi, manambala anu oyamba ali ndi msampha. Chenji yoyenera ndi K1,500, ndipo yopitirira ndi K1,500 yomweyonso, popeza K3,000 kuchotsa K1,500 yatsala K1,500. Mwana akamva nambala imodzi ikuimira zinthu ziwiri amasokonezeka. Mukamufunsa kuti Pempho abweze zingati, ayankha molondola koma pa chifukwa cholakwika, ndipo inu simudziwa kuti sanamvetse. Pa nkhani ya ndalama, nambala iliyonse ikhale ndi ntchito imodzi.

Sinthani chonchi. Zogula zikwane K4,500. Pempho wapereka K5,000. Chenji yoyenera ndi K500, pepala limodzi. Walandira K2,000, pepala limodzinso. Yopitirira ndi K1,500. Manambala onse ndi osiyana, ndipo mwana akutsatira mapepala awiri okha amene asinthana malo. Zogulazo zisapitirire zitatu, ndipo mitengo yake ithere pa 500 kapena pa 000 kuti aphatikize pamtima: shuga K3,000, sopo K1,000, mchere K500.

Chinanso chimene olemba amaphonya ndi pobweza. Amalemba kuti mwana anabweza K2,000 yonse, mwini sitolo n'kuthokoza, nkhani n'kutha. Pamenepo banja la Pempho laluza K500 yake. Pobweza pakhale kusinthana kooneka: K2,000 ipite kwa a Nachisale, K500 ija inatsala m'chitini ipite kwa amayi a Pempho. A Nachisale anyamule K500 imeneyo pochoka pagolosale. Kachinthu kakang'onoko kakuonetsa kale kuti sakupita kukalanda, akupita kukakonza.

Nabanda: Koma shuga wa K3,000? Pofika nthawi yosindikiza mitengo ikhala itasintha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu zinakwera nthawi yomweyo. Ana amatumidwa tsiku lililonse, mitengo amaidziwa kuposa ife. Bwanji osangochotsa manambala onse, kungoti "ndalama yaikulu" ndi "ndalama yaing'ono"?

Aphunzitsi a ku Mponela: Pa mitengo mwalondola mayi, koma kuchotsa manambala ayi. Nkhaniyi yaima pa kusiyana kwa 500 ndi 2,000. Mukachotsa, mwana sangathe kuzindikira yekha cholakwika asanauzidwe, ndipo chisangalalo cha nkhani yotere chili pomwepo. Mankhwala ake ndi kusatchula kukula kwa katundu. Musalembe kuti shuga wa kilo imodzi kapena dzina la sopo. Ingolembani "shuga wa K3,000". M'magolosale shuga amapimidwa m'timapepala ta mitengo yosiyanasiyana, choncho mtengo ukakwera, mwana angoganiza kuti kapepalako kachepa. Chiganizocho sichikalamba msanga.

Nabanda: Pamenepo ndagwirizana nanu. Komabe K5,000 inangoyamba mu 2022, ndipo kukabwera mapepala ena atsopano nkhope zikhoza kusintha. Nkhani ikatsamira kwambiri pa Chilembwe wa pa K500 ndi K2,000, idzafuna kukonzedwa.

Wagolosale wa pa Jenda: Idzakonzedwa nthawiyo. Panopa ana ali nazo m'manja, ndipo akatha kuwerenga adzapita kunyumba kukapempha mapepala awiriwo kuti aone okha.

Che Mdala: Ine ndikuona kuti mukuvutika ndi anthu pomwe nthano zathu zili ndi nyama. Mwini sitolo akhale Fulu, kasitomala akhale Kalulu. Muyambe ndi "Padangokhala", ana ayankhe "Tilitonse". Akatero amamvetsera kwambiri kusiyana ndi nkhani ya m'buku.

Mkonzi wa timabuku: Kuyankhizana ndi ana n'kothandiza, Che Mdala, ndipo ndibwererako. Koma Kalulu aononga nkhaniyi. Mwana aliyense amadziwa kuti Kalulu ndi tambwali. Akangomva kuti Kalulu wapatsidwa chenji yochuluka, aganiza kuti wachita dala, ndipo ayembekezera kuti athawe nayo kapena agwidwe. Pomwe mtima wa nkhani ya Mayi a Tadala ndi wakuti palibe wakuba. Pali munthu wolakwitsa, pali wosadziwa, ndi wina amene wazindikira ndipo ayenera kusankha kayankhulidwe. Nkhani ya ana yopanda woipa ndi yovuta kulemba, chifukwa chokoka owerenga chiyenera kuchokera kwina. Muno chikuchokera ku mantha a Pempho akamva kuti "Odi!" n'kuona kuti ndi a Nachisale, kunja kutada.

Ndiye tsamba lofunika kwambiri ndi la pakhomo. Ndikupemphani mulilembe mosamala kuposa ena onse. A Nachisale asayambe ndi mwana. Munthu wamkulu akafika pakhomo la eni amaodira, amapatsidwa pokhala, amalonjerana ndi akuluakulu, kenako nkhani. Mawu awo oyamba aike kulakwa kumene kuli, kugolosale. Mwachitsanzo:

"Pepani anzanga, ndakuyenderani usiku. Kwathu kuja talakwitsa chenji. Mwanayu sanalakwe kanthu."

Kenako apemphe, osalamula: "Mungandionetseko pepala limene wabwera nalo? Ngati lili ndi selotepi pakona, ndi lomwelo." Amayi a Pempho amasule kansalu kaja pamaso pa onse. Selotepi iwoneke. Apa simufunikanso chiganizo chofotokoza kuti a Nachisale ananena zoona, pepalalo layankhula kale.

Mawu oti mupewe ndi monga "Bweza ndalama yanga" kapena "Unaona koma unangokhala chete". Mukalemba zotero, ana amene akumvetsera atengapo phunziro lina, lakuti ukapatsidwa chenji yochuluka ubise, chifukwa zikadziwika uchititsidwa manyazi.

Achimwene Gama: Komatu Pempho ali ndi mbali yake. Mwana wa Sitandade 3 osawerenga chenji? Akanawerenga pakauntala zonsezi sizikanachitika. Nkhani imudzudzule pang'ono.

Aphunzitsi a ku Mponela: Kuwerenga chenji aphunzire ndithu, koma osati mwa chidzudzulo. Muonetseni njira yake. Ogulitsa ambiri sachotsera pobweza chenji, amawerenga chokwera kuchokera pa mtengo kukafika pa ndalama yoperekedwa. Zogula ndi K4,500, aika K500 m'dzanja la kasitomala n'kunena kuti "5,000". Yohane akanatero mokweza, akuyang'ana nambala ya papepala, akanaona kuti 4,500 ndi 2,000 zapitirira. Ndiye chakumapeto a Nachisale awaphunzitse onse awiri, Yohane ndi Pempho, kuwerenga kotereku pakauntala mawa lake. Ndi pomwe kuyankhizana kwa Che Mdala kungalowe. Wowerenga anene kuti "4,500, tiwonjezere zingati?" ana onse ayankhe "500!"

Wagolosale wa pa Jenda: Ndiwonjezere lamulo lina la pakauntala loti Yohane aphunzire, ndi lachidule. Ndalama ya kasitomala siilowa m'chitini chenji isanaperekedwe. Imakhala pakauntala, mwaitsamiza ndi mwala kapena loko, mpaka munthu walandira chenji yake n'kuvomera. Mukaiponya msanga m'chitini, mkangano wa "ndinakupatsani ya 5,000" ndi "ayi inali ya 1,000" sutha, makamaka poti onse awiri ali ndi nkhope imodzi. Komanso mapepala asasakanizidwe. Ma K500 mbali yawo, ma K2,000 mbali yawo, kapena omanga ndi labala. M'chithunzi choyamba chitini cha Yohane chioneke chosakanikirana, m'chomaliza chioneke chosanjidwa. Osalembapo mawu, ana adzaona okha.

Mayi a Tadala: Zikomo kwambiri nonse. Tsono kutalika kwake? Zomwe ndalemba zafika mawu pafupifupi 900.

Mkonzi wa timabuku: Achuluka kwa msinkhu umenewo ngati mukufuna kabuku ka zithunzi. Tiyeni tiyambire pa pepala. Mukatenga mapepala anayi a A4 n'kuwapinda pakati, mupeza kabuku ka masamba 16 a A5. Masamba amayenda anayianayi, choncho simungakhale ndi 14 kapena 18 popanda tsamba lopanda kanthu. Tsamba 1 ndi chikuto, 2 ndi la mutu ndi dzina la wolemba, 15 ndi la mafunso, 16 ndi chikuto chakumbuyo. Nkhani yatsala ndi masamba 12, kuyambira 3 mpaka 14. Pa tsamba lililonse ikani mawu 30 mpaka 40, ndiye nkhani yonse ikhala mawu 400 kapena kupitirira pang'ono. Kumbukirani kuti mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu ngati "anamubwezera" ndi limodzi koma lili ndi maphatikizo 6, choncho mawu 40 athu amadzaza malo ndithu, makamaka zilembo zikakhala zazikulu monga ana amafunira.

Kagawidwe kake ndingapange motere. Masamba 3 ndi 4, Pempho watumidwa, ndipo a Nachisale akuchenjeza Yohane za K500 yotsala imodzi. Masamba 5 ndi 6, kugula, magetsi azima, chenji yaperekedwa. Tsamba 7, a Nachisale abwerera n'kufunsa, dzanja lili pa chivundikiro cha chitini. Masamba osagawika ndi 2 amakhala kudzanja lamanja, ndiye mwana ayenera kutembenuza kuti aone za m'chitinimo. Masamba 8 ndi 9 ndi apakatikati, pepala limodzi losaduka, choncho chithunzi chachikulu cha chitini chotsegula chikhale pamenepo, K500 ili poonekera. Masamba 10 mpaka 12, ulendo ndi zapakhomo. Masamba 13 ndi 14, m'mawa pakauntala.

Posindikiza musaike masamba motsatana. Pepala lakunja mbali imodzi likhala ndi 16 kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 15. Lotsatira 14 ndi 3, kuseri 4 ndi 13. Masamba awiri oyandikana papepala nthawi zonse akaphatikizidwa apange 17. Akapanda kutero mwasokoneza, ndipo mukapinda mupeza a Nachisale afika pakhomo Pempho asanagule shuga. Yambani mwapinda mapepala osalemba, mulembe manambala ndi pensulo, mumasule, muone mmene agonera.

Wojambula Tiya: Pa zithunzi ndili ndi ziwiri. Choyamba, pa tsamba 6 pepala limene Yohane akupereka lioneke ndi selotepi yake pakona, koma mawu asatchule. Mwana watcheru adzaona, adzakuwa kuti "Si imeneyo!" ndipo akafika pa 8 adzabwerera m'mbuyo kukatsimikiza. Kuti zimenezi zitheke, selotepiyo iyenera kuti yaonekapo kale pa tsamba 4, a Nachisale ataigwira m'manja. Chachiwiri, ndalama zijambulidwe pamanja, musafotokope zenizeni n'kumata. Nthawi zambiri kabukuka kadzachulukitsidwa pa fotokope yakuda ndi yoyera, mitundu idzasowa, ndipo K500 ndi K2,000 zidzaoneka ngati chinthu chimodzi. Jambulani kabokosi kosavuta, kamutu ka munthu, ndi nambala yaikulu yakuda bii. Mdima wa tsamba 6 musaupake wakuda wonse, makina amaumata n'kubisa selotepi ija. Ingojambulani mizere yopingasa ndi kuwala kwa tochi.

Nabanda: Funso lina. Bwanji ngati pofika a Nachisale, amayi a Pempho agwiritsa kale ntchito ndalamayo? Zimachitika. Mayi waona K2,000, waganiza kuti zinthu zatsika mtengo kapena mwana sanagule zonse, watuma wina kukagula makala. Kodi nkhani siingakome kwambiri pamenepo?

Wagolosale wa pa Jenda: M'moyo weniweni zikatero timalemba m'kope la ngongole: dzina, tsiku, K1,500, ndipo munthuyo amabweza pang'onopang'ono kapena pogula ulendo wina. Kasitomala wa tsiku ndi tsiku sumutaya chifukwa cha K1,500. Koma umboni wa selotepi usowa, chifukwa pepala lapita kwa wamakala. Pamatsala mawu a anthu awiri basi.

Mkonzi wa timabuku: N'chifukwa chake kwa Sitandade 3 ndikanasiya pepalalo lili pakansalu. Nkhani ya mawu 400 imanyamula vuto limodzi. Koma kwa ana a Sitandade 6 kapena 7, njira ya a Nabanda ndi yolemera kwambiri, chifukwa amayi aja ayenera kuvomera popanda chowakakamiza. Imeneyo ingakhale nkhani yachiwiri.

Che Mdala: Nanga Yohane? Aliyense akukamba za Pempho. M'masitolo ambiri ndalama ikasowa amadula pa malipiro a mnyamata. Ana ena amene adzawerenge ali ndi achimwene awo ogwira ntchito yotere. Nkhani isabise zimenezo.

Aphunzitsi a ku Mponela: Mfundo yoona, koma ndikuopa kuti kudula malipiro kukalowa, ana adzasiya Pempho n'kuyamba kumvera chisoni Yohane, ndipo a Nachisale adzasanduka woipa amene tati mulibe. Mwina chiganizo chimodzi chokha pa tsamba 9: Yohane agwire kumutu n'kunena kuti, "Mundidula malipiro?" A Nachisale ayankhe, "Tenga tochi, tiye limodzi." Akatero Yohane akukonza nawo chimene walakwitsa, ndipo pakhomo paja apepese ndi pakamwa pake.

Che Mdala: Yankho limenelo lazemba funso la mnyamatayo. Mwana adzafunsabe kuti, ndalama ikanapanda kupezeka akanamudula kapena ayi?

Aphunzitsi a ku Mponela: Afunse, ndipo funsolo liikidwe pa tsamba 15 kuti akambirane m'kalasi. Pa tsambalo mafunso akhale atatu okha. Loyamba la masamu, Pempho analandira ndalama zingati zopitirira. Lachiwiri la umboni, a Nachisale anadziwa bwanji. Lachitatu likhale lanulo, Che Mdala, lopanda yankho limodzi.

Achimwene Gama: Ine siwiti ija ndikuifunabe. Mwana wabweza ndalama, apatsidwe kenakake.

Mkonzi wa timabuku: Apatsidwe chifukwa chiyani achimwene? Sanabweze yekha, ndipo sanabe. Mphatso pamenepo isokoneza, ngati kuti banjalo likulipidwa chifukwa chosakana. Ngati mukufuna kutsekemera, amayi a Pempho ndi amene angapatse alendo awo chinangwa chootcha kapena mtedza ponyamuka, monga timachitira ndi aliyense wotiyendera.

Achimwene Gama: Sindinakhutire, koma nkhani ndi ya eni ake.

Mayi a Tadala: Ndatenga K4,500, selotepi, ndi Yohane wonyamula tochi. Za siwiti ndiyesa njira zonse ziwiri powerengera ana, ndione pomwe akhale chete ndi pomwe ayambe kucheuka. A Tiya, tsamba 4 likuoneka kuti lichulukirwa, muli chenjezo la K500 komanso K2,000 ya selotepi. Kodi ndisunthire kutumidwa kwa Pempho pa tsamba 3 lokha, kuti 4 likhale la chitini basi?

Wojambula Tiya: Eya, teroni. Tsamba 3 Pempho ndi amayi ake, kansalu kaoneke pomwepo chifukwa kadzafunika pa 12. Tsamba 4 a Nachisale agwire mapepala awiriwo, lina dzanja ili, lina dzanja ilo, Yohane akuyang'ana kumbali kwa kasitomala wina. Munditumizire mawu a masamba 3 mpaka 9 kaye, ndiyambe ndi pensulo tione ngati akukwana.